Sitandi ya pa Makande

Amayi anga atamwalira sanagone m'nyumba. Bokosi lawo linachoka kumochale n'kudzaima pageti la nyumba imene tinkachita lendi ku Sakubva, mu mzinda wa Mutare. Analitsegula pamsewu pomwepo kuti anthu aone nkhope, makombi, maminibasi a kuno, akudutsa n'kumaliza mahutala. Kenako tinalunjika kumanda. Kwathu kuno, Mshona ndi Mnyanja yemwe, munthu akafa amayenera kugona usiku umodzi m'nyumba mwake, abale atamuzungulira, mawa lake n'kutulukira pakhomo. Koma eni nyumba anakanitsitsa. Anati mtembo wa mutorwa, kutanthauza mlendo wosakhala wa magazi awo, sungalowe pansi pa denga lawo, ungawasiyire mizimu yosaidziwa. Ine ndinawalalatira mpaka mawu kutha, ndipo sizinasinthe kanthu.

Bambo anga anaima pafupi ndi bokosilo chipewa chili kumanja, akuyang'ana ngalande ya madzi onyansa imene inkadutsa pagetipo. Tili m'galimoto pochokera kumanda ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Ine musadzandionetse pamsewu," anatero. "Mwamva?"

Tinamva tonse awiri, ine ndi achimwene anga.

Ife ndife ana a papulazi. Agogo anachoka ku Nyasalande pansi kudzagwira ntchito m'mafodya, bambo anabadwira pakomboni, ifenso chimodzimodzi. Kumudzi kwathu kunali pakombonipo, ngakhale dothi lake silinali lathu. Minda itayamba kulandidwa, mzungu anapita, obwera kumene anatiuza kuti tipite kwathu. Kwathu kuti? Bambo ku Malawi ankangokumva m'nkhani. Chimene anachita n'kukwera padenga la khitchini imene anamanga okha, n'kuzula malata amene anagula ndi thukuta lawo, lata limodzilimodzi, misomali akuiwongola n'kumaika m'chitini. Tinafika ku Mutare ndi malatawo, mapoto ndi amayi akudwala.

Malatawo anakhala nafe m'chipinda cha lendi zaka zonsezo. Anawatsamiritsa kukhoma kuseri kwa bedi, atawamanga ndi waya. Chipinda chinali chaching'ono kale, ndiye aliyense wa ife anachekedwapo mwendo. Ine ndinkawatukwana tsiku ndi tsiku. Bambo ankawapukuta ndi sanza ya oyilo kuti asachite dzimbiri, n'kumati, "Denga lilipo kale, chatsala ndi pansi pake."

Ine ndinkagulitsa kaunjika kumsika wa Sakubva, achimwene ankayendetsa kombi ya eni ake. Tinalowa m'bungwe lina la anthu ofuna malo omangapo, n'kumasonkha mwezi ndi mwezi kwa nthawi yaitali, mpaka tsiku lina anatisonyeza sitandi yathu, kutsidya kwa Hobhouse. Malo akumtunda, a dothi lofiira, anali atapita kale kwa amene anayamba kusonkha ife tisanabwere. Ife anatipatsa kumunsi, kumene mtunda umathera m'dambo.

Tinapita kukaiona m'chilimwe. Nthaka inali yakuda, yong'ambikang'ambika ngati chidendene cha munthu wosavala nsapato. Ndinapisa dzanja mumng'alu wina, linalowa mpaka m'chigongono osagunda pansi. Bambo anatola chibuma, n'kuyesa kuchiphwanya ndi zala, chinakana. Anachilavulira, n'kuchipaka ndi chala chachikulu, chinayamba kuterera ngati sopo.

"Makande," anatero.

Ankawadziwa. Papulazi panali dambo lotere, mathirakitala ankatitimiramo m'dzinja, m'chilimwe makasu n'kumabuntha. Sanadandaule. Anayenda malire onse pang'onopang'ono, chifukwa miyendo inali itayamba kale kutupa, n'kuloza pamene adzabzale mapeyala.

Inali nthawi imene ndalama inkasungunuka m'manja, yam'mawa ikafika madzulo yosagulanso buledi. Aliyense ankathamangira kuisandutsa chinthu chogwirika. Achimwene anamva kuti simenti yafika pasitolo ina, tinasesa zonse tinali nazo n'kukagula matumba amene tinakwanitsa. Patapita masabata ochepa simenti inasoweratu m'tauni monse. Matumba athu tinawasunga kwa mkulu wina wa kutchalitchi, pamwamba pa matabwa. Koma simenti si chimanga, siisungika. Ikamva chinyontho imagwirana n'kusanduka mwala. Tinayenera kuigwiritsa ntchito mvula isanagwe. Njerwa tinali nazo zootcha, malata analipo. Powerengera mwachisawawa, zinkakwana nyumba ya zipinda zitatu, bola maziko akhale wamba: kukumba ngalande, kuthira konkire pansi, n'kuyamba njerwa.

Mmisiri amene tinamupeza anali bambo wa ku Chikanga, wobadwira ku Malawi, Chichewa chake chosasakaniza, moti achimwene ankangomuyankha m'Chishona kuopa kuchita manyazi. Atafika pasitandi sanatulutse n'chingwe chomwe. Anati tikumbe kaye dzenje limodzi tione. Anyamata ake anakumba mpaka mutu kubisika, dothi likadali lakuda lomwelo. M'mbali mwa dzenjelo munali malo osalala, onyezimira, ngati wina wapukuta ndi supuni. Mmisiri anati kumeneko ndi kukhuzana kwa dothi lokhalokha, likamatupa ndi kuphwa chaka ndi chaka. Ananyowetsa pang'ono n'kupota m'manja, linatuluka kachingwe kataliko osaduka.

"Madala, apa maziko wamba ine ndimanga mukandikakamiza, koma dzina langa musalitchule," anauza bambo. "Ndiponso akhonsolo akadzaona ngalande pa dothi ili adzafuna pepala la injiniya. Pamafunika sipesho, maziko apadera."

Sipesho. Liwu limenelo ndinayamba kulimva tsiku limenelo, ndipo mpaka lero likandilowa m'khutu mtima umandiwawa.

Injiniya anabwera Loweruka lina, mayi wamtali wovala majombo. Anatsikira m'dzenje muja, anatenga dothi m'mapepala apulasitiki, anabweranso patapita masiku. Sanatinamize ndipo sanatinyoze. Anafotokoza m'Chishona, ine n'kumamasulira bambo pamene sanamve bwino, ngakhale ndikudziwa kuti ankamva zonse. Anati dothi ili likamwa madzi limatupa, likauma limaphwa, ndipo mphamvu yake imanyamula nyumba yaing'ono mosavuta. Vuto si kunyamulako, vuto n'loti silinyamula mofanana. Pansi pa nyumba, pakati, dzuwa silifikapo, ndiye chinyontho chimaunjikana m'kupita kwa zaka, pakatipo n'kumakwera. M'mphepete m'mene mumamenya dzuwa ndi mvula mumakwera n'kutsika ndi nyengo. Maziko wamba ndi kamzere chabe ka konkire kopanda chitsulo. Mbali imodzi ikakwera ina n'kutsika, amathyoka, khoma n'kung'ambika.

Njira anatchula zitatu. Yoyamba, kuchotsa makande onse n'kuthiramo dothi lamiyala lotsendereka, koma pathu makande anapita pansi kwambiri, tikanakumba chidziwe. Yachiwiri, kuboola maenje akuya mpaka pa nthaka yosasuntha, kuthiramo mizati ya konkire, nyumba n'kukhala pamizatipo. Imeneyo inkafuna makina amene ife sitikanawaona n'kutulo komwe. Yachitatu ndiyo inali yathu ngati tifuna: silabu imodzi yochindikala ya nyumba yonse, yokhala ndi nthiti za konkire pansi pake, kuzungulira ndi kupingasa, zonse zolukidwa ndi zitsulo. Anati ili ngati chitseko mutachigoneka pamatiresi. Matiresi atukuke uku kapena uko, chitseko chimapendekeka pang'ono chonse pamodzi, koma sichithyoka, ndipo zimene mwaikapo sizisweka. Anawonjeza kuti madzi a padenga tidzawatayire kutali, mpopi usakhale pakhoma, tidzawake konkire kuzungulira nyumba, ndipo mitengo yakumwa madzi ambiri ikhale kutali ndi makoma. Pamenepo bambo anayang'ana pamalo pa mapeyala awo paja.

Mmisiri atawerengera, silabuyo inkadya simenti yathu yonse, osatsala thumba lomangira njerwa. Zitsulo tinalibe n'chimodzi chomwe. Tinayesa kuchepetsa nyumba, koma zipinda zitatu zinali kale zochepetsa, ndipo ngakhale ziwiri sizikanatisiyira zokwanira kufika padenga.

Ndiye nkhani inali iyi. Maziko wamba, bambo alowa m'nyumba yawo mvula isanagwe, nyumbayo n'kudzang'ambika. Sipesho, tikhala ndi chikonkire chathyathyathya pakati pa dambo, makoma adzabwere chaka chimene simenti idzaonekenso. Ndipo tonse tinkaona mmene bambo ankapumira. Akakwera masitepe awiri ankaima, atagwira pachifuwa. Kuchipatala anati mtima watopa, anatipatsa mapiritsi ochotsa madzi, amenenso ankasowa.

Ine ndi achimwene tinakangana mpaka maloja anzathu a lendi kumatuluka kudzaonerera.

"Hazviite, sisi, sizingatheke," iwo ankatero. "Ukufuna tikwirire simenti yonse pansi? Mudhara alibe nthawi. Timange, alowe. Ikacreka tidzamata."

"Mudzamata ndi chiyani, achimwene? Ndi malovu?"

"Anthu onse kumeneko amanga strip, maziko wamba omwewa, ndiwe ndani iwe?"

"Mwaziona nyumba zawozo?"

"Ndaziona. Zili ndi denga."

Pamenepo anandigonjetsa, chifukwa zinalidi ndi denga. Koma ine ndine wouma mutu chibadwire. Ndinkaganiza za ana anga awiri, ndinkaganiza zoti sitandi ina sitidzaipezanso, simenti ina sitidzaigulanso kawiri. Anthu ngati ife timamanga kamodzi. Ndipo ndinkachita mantha kunena zimenezo pamaso pa bambo, chifukwa tanthauzo lake linali loti ine ndikuwerengera zaka zimene iwo sadzakhalapo.

Bambo anatisiya tikangane masiku angapo, kenako anagamula. Anali atakhala pabedi, msana atatsamira malata awo.

"Dothi lija ndikulidziwa kuposa nonsenu," anatero. "Nyumba idzang'ambika, sindikutsutsa. Koma siing'ambika chaka chino. Ine ndikufuna zaka zochepa chabe, mwinanso sizikwana. Kumbani ngalande."

Mungamuyankhe chiyani munthu amene akupempha malo ogonekapo mtembo wake? Ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa chimbudzi, kulira kwaukali, kosafuna wonditonthoza.

Tsiku loyamba kukumba, bambo anaumirira kuti apite nawo. Tinakwera kombi mpaka pamene msewu umathera, kwinako tinayenda pang'onopang'ono, akupumira pamapewa anga. Mmisiri anali atakhoma zikhomo ndi kumanga chingwe, nkhope ili gwa. Dzuwa litakula bambo anamva ludzu, ndiye ndinawatengera panyumba ina yapafupi kukapempha madzi ndi mthunzi.

Mwini wake anali mayi wamasiye, nayenso mwana wa papulazi, wa kumapulazi a ku Odzi. Ndinkamudziwa pamaso chabe, ankagulitsa tomato pamphambano. Atamva Chinyanja cha bambo anasangalala, n'kutilowetsa m'nyumba. Chitseko chinali chopalidwapalidwa kumunsi ndi kumwamba, moti pansi pake pankatha kudutsa mphaka. Anati m'dzinja chimakanirira, amachipala, chilimwe chikafika chimatsala chikulendewera. Kukhoma la pabalaza kunali mng'alu wochokera pakona ya zenera kukwera mopingasa mpaka kudenga, wopapatiza kumunsi, wotakasuka kumwamba. Anali atatsekamo masanza ndi mapepala a shuga, komabe kuwala kunkalowa. Panali zipsera za simenti zosonyeza kuti anamatapo kangapo, mng'alu n'kumabwerera pambali pomwepo. Pansi, pakati pa chipinda panali potukuka, tebulo analiikira kachidutswa ka njerwa. Kunja khoma lina analichirikiza ndi mitengo ya bulugamu.

Bambo anamwa madzi, maso ali kukhoma.

"Anamanga ndani, mayi?"

"Malemu amuna anga, sekuru. Anathamanga nayo. Ankadwala, ndiye ankati ndisafere paloja."

"Anagonamo?"

"Anagona. Apa pomwe mwakhalapa. Anthu anadzaza, kwaya inaimba, zinali bwino shuwa." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Iwo anagona usiku umodzi. Ena onsewa ndikugona ndine ndi ana. Mvula ikamagwa ndimawasamutsira kukhitchini, khoma la uko ndi limene lisanayambe kuyankhula."

"Kuyankhula?"

"Limalira, sekuru. Limati the, the, ngati nkhuni pamoto."

Sananene modandaula, ndipo sankadziwa n'komwe za mkangano wathu. Ankangocheza ndi mkulu wa mtundu wake. Anatisonyezanso pamene paipi ya madzi inathyokera pansi, madzi n'kumalowa m'maziko mwezi wathunthu iye osadziwa, ngodya imeneyo n'kukwera kuposa zina. Mwana wake wamkazi analowa, kamtsikana ka msinkhu wa mwana wanga woyamba, n'kugwada kupereka moni. Bambo anakayang'ana nthawi yaitali.

Pobwerera kusitandi sanandigwire paphewa. Anyamata anali atakumba kale mbali imodzi. Bambo anaima m'mphepete mwa ngalandeyo, akupuma movutika, kenako anauza mmisiri kuti aimitse.

"Zitsulo zija zimapezeka kuti?" anafunsa.

Mmisiri anati akudziwa munthu wina wa hadiweya ku Chikanga amene ali nazo, koma ndalama sakulandira, akufuna katundu.

"Malata angalandire?"

Ine ndinati, "Baba!" Achimwene anataya fosholo pansi.

"Baba, mukuita sei? Mwanyamula marata amenewo kuchokera kupurazi!"

"Ndinanyamula ndine," bambo anayankha. "Ndiye ndigulitsa ndine."

Sanatifotokozere, sanatilalikire. Achimwene anatembenukira kwa ine ndi maso ofiira, akuganiza kuti ndinawatengera dala bambo kwa mayi uja. Sindinatero. Ndinkafuna madzi akumwa basi. Koma sindinganame kuti nditamva mawu a bambo mtima wanga sunatsike, ndipo kutsika kumeneko kunandinyansa.

Malata anatuluka m'chipinda cha lendi pangolo yokankha. Kukhoma kunatsala chizindikiro choyera pamene anatsamira zaka zonse zija. Chipinda chinakula mwadzidzidzi, ndipo ndinadana nacho. Malata okha sanakwane, ndinawonjezera belo langa la kaunjika losatsegula, achimwene anaponyapo wailesi ndi matayala awiri osandiyankhulitsa. Chitini cha misomali bambo anachisunga.

Ntchito inatenga masabata. Anapala dothi lapamwamba lonse, anathira dothi lamiyala n'kulitsendera ndi chitsulo cholemera, kuthira madzi pang'ono, kutsenderanso. Anakumba ngalande kuzungulira, zina kupingasa pakati, malo n'kuoneka ngati mabedi a mbewu. Anayala pulasitiki wakuda paliponse. M'ngalandemo analowetsa zitsulo zolukidwa ngati makola aatali, zina kumunsi zina kumwamba, zomangidwa ndi waya, zokhazikidwa pa timiyala ta konkire kuti zisagunde pansi. Pamwamba ponse anayala ukonde wa zitsulo. Injiniya anabwera kudzaona asanathire, anawerenga, anauza mmisiri awonjezere pangodya ina, wa khonsolo nayenso anadzaona. Konkire inayenera kuthiridwa tsiku limodzi yonse, kuti pasakhale msoko. Amuna a kutchalitchi anabwera ndi mafosholo ndi mawilibala kum'bandakucha, amayi tinkatunga madzi ndi kuphika. Pofika madzulo matumba onse anali opanda kanthu, akuuluzika m'dambo.

Masiku otsatira tinkaithirira madzi m'mawa ndi madzulo, titaiphimba ndi udzu ndi masaka kuti isaume msanga. Ndinkasenza zigubu kuchokera kuchitsime, n'kumathirira konkire ngati ndiwo zamasamba, anthu odutsa n'kumafunsa kuti tikumanga bwalo la mpira kapena chiyani.

Itauma, bambo anayamba kumapitako Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Ankakhala pampando pakati pa silabu n'kumatuma ana anga kutenga njerwa pamulu. Anazindandalika popanda matope, njerwa imodzi pambuyo pa inzake, kutsata mmene makoma adzayendere. Apa chipinda chawo, apa changa ndi ana, apa pabalaza. Pamene padzakhale zitseko anasiyapo mipata. Mwana akalumpha mzere wa njerwa ankamukalipira zenizeni.

"Iwe, umalowera pakhoma ngati mfiti? Zungulira pakhomo!"

Ana ankaseka n'kuzungulira. Mapeyala anabzala kumapeto kwenikweni kwa sitandi, kutali ndi nyumba, monga ananenera injiniya.

Mvula inabwera, dambo linadzaza, ming'alu ya m'nthaka inatsekeka, makande n'kumamatirira kunsapato mpaka mwendo kulemera. Simenti sinaoneke. Ndinayenda masitolo onse, ndinafunsa ngakhale odutsa malire a ku Mozambiki. Imene inkapezeka mwakabisira mtengo wake unali wa ndalama zakunja zimene ife tinalibe. Achimwene anayesa kunena zomanga ndi matope kuti bola chipinda chimodzi chiime, koma denga likanachoka kuti? Tinali titalikwirira pansi.

Bambo anamwalira mvula ili pakati, m'chipatala, masana.

Kwa eni nyumba sitinapemphe n'komwe. Mkulu wa kutchalitchi uja anati titha kugoneka maliro kwake, ndipo ananena ndi mtima wabwino. Achimwene anakana. Anati bambo sananene kuti nyumba ya munthu wina. Amuna anakabwereka tenti yokutira katundu palole, anadula mitengo, anaimika pamwamba pa silabu. Inakwana pabalaza pokha ndi theka la chipinda. M'mbali munali mopanda kanthu.

Galimoto ya maliro inalephera kutsika, inaima kumtunda kuopa kutitimira. Amuna ananyamula bokosi pamapewa, akuterereka m'matope, mvula ikuwaza. Amayi tinali titakhala kale pasilabu pamikeka yonyowa, tikuimba. Onyamulawo anafika mbali ya kumtunda, kumene kunali kufupi, ndipo wakutsogolo anakweza mwendo kuti alumphe mzere wa njerwa uja.

"Aiwa!" Anali achimwene. Mawu awo anadula nyimbo. "Kwete ipapo! Pakhomo! Mudhara alowere pakhomo!"

Anthu anayang'anana. Ena sanamvetse, chifukwa khomo panalibe, panali njerwa zogonekedwa pakonkire basi. Koma achimwene anatsogola, matope mpaka m'mawondo, n'kuwazungulitsa nyumba yonse mpaka kumaso, pampata umene bambo anasiya. Mpatawo unali wa muyeso wa chitseko chenicheni, ndiye onyamula anachita kupanikizana ndi kupendeketsa mapewa kuti adutse osagunda njerwa. Anadutsa. Analigoneka pabalaza.

Mvula sinasiye mpaka m'mawa. Inkalowa cham'mbali, tinaphimba bokosi ndi pulasitiki wotsala pomanga. Madzi ankayenderera pasilabu n'kumatinyowetsa zitenje, okalamba ena anapita kukabisala kwa mayi wamasiye uja, m'nyumba yong'ambika. Amene anabwera kudzatipepesa ankagwira chanza n'kunena kuti nematambudziko, maso awo n'kumayang'ana kumwamba, kutenti yodontha. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'ona kuti malemuwa ana awo alipo awiri, onse ogwira ntchito. Tsiku lina ndikanamutembenukira. Tsiku limenelo ndinalibe mphamvu.

M'mawa bambo anawatulutsira pampata womwewo.

Titabwerako kumanda, anthu akusamba m'manja, achimwene anandipeza ndikukolopa madzi pasilabu. Anaima kunja kwa mzere wa njerwa.

"Wagona panja," anatero. "Ngati amayi."

Ndinafuna kunena kuti anasankha okha, kuti sindinawatume kugulitsa malata, kuti agona pawo. Zonsezo zinali zoona, koma nazonso zimene ananena iwo zinali zoona. Ndinapitiriza kukolopa.

Makoma anakwera patapita zaka, ndalama zitasintha, simenti itabwerera m'masitolo. Ndinamanga pang'onopang'ono, mzere lero, mzere mwezi wamawa, mmisiri yemwe uja. Njerwa zimene bambo anandandalika ndi zimene zili pansi penipeni. Malata ndinagula atsopano, koma misomali ina ya m'chitini muja inalowa. Ndinawaka konkire kuzungulira, madzi a padenga amapita kungalande, mpopi uli kutali. Dzinja ndi chilimwe zasinthana kambirimbiri, nthaka ya pabwalo imang'ambika n'kutsekeka monga kale, koma m'nyumba muno mulibe mng'alu woti n'kulowetsamo chikhadabo, ndipo zitseko zimatseka nyengo zonse. Mayi wamasiye uja khoma la pabalaza linagwa chaka china cha mvula yambiri, mwamwayi masana ana ali kusukulu. Pano amakhala kukhitchini ndi m'kabini yamatabwa.

Anthu ogula masitandi atsopano kumunsi kuno amabwera kudzaona nyumba yanga, n'kumafunsa kuti amange maziko otani. Ndimawauza kuti sipesho, ndipo ndimawafotokozera zonse za zitsulo ndi nthiti ndi madzi. Akandiyamikira kuti ndinachita nzeru, ndimasintha nkhani.

Achimwene amabwera mwa apo ndi apo, kudzatenga mapeyala a ana awo. Timapatsana moni, timafunsana za odwala. Ndimawaikira mpando pabalaza, tiyi n'kuthira. Iwo amatenga kapu yawo n'kukakhala panja pansi pa mtengo. Chimangireni nyumba ino sanalowemo.